Ndikufuna kuchepetsa mowa pang'onopang'ono: ndiyambire pati?

*Adokotala, ndine bambo wa zaka 41, ndimagwira ntchito mu Lilongwe muno. Pafupifupi tsiku lililonse ndikaweruka ndimadzera pa bala, mabotolo atatu kapena anayi. Lachisanu ndi Loweruka ndiye sindiwerenga n'komwe. Ndayesapo kusiyiratu kawiri koma osatha ndi sabata yomwe. Mayi akunyumba atopa nane, ndalama sizikuoneka kolowera. Kodi ilipo njira yochepetsera pang'onopang'ono, kapena ndikungodzinamiza?*

Njira ilipo bambo, ndipo ndaona anthu ikuwathandiza. Koma siyenera munthu aliyense, choncho tiyambe taona kaye ngati inuyo ikukuyenerani, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona ngozi yoti munthu n'kutaya moyo akuyesa kuchita chinthu chabwino.

Takumbukirani maulendo awiri aja munasiya. M'masiku atatu oyambirira thupi linkatani? Ngati munangoona kuti madzulo akutalika, tulo tikuvuta kubwera, mtima ukupsa msanga ndipo miyendo ikungofuna kukhotera ku bala, chimenecho ndi chibaba ndi chizolowezi, ndipo mukhoza kulimbana nazo muli kunyumba. Koma ngati manja ankanjenjemera mpaka kapu ya tiyi kutayikira, thukuta lili kamukamu usiku, nseru m'mamawa, mtima ukugunda ngati mwathamanga, ndipo zonsezi n'kutha mutangomwa botolo limodzi, ndiye kuti thupi lafika podalira mowa. Mowa umagoneka ubongo, ndipo ubongo wa munthu womwa kwambiri tsiku ndi tsiku umazolowera kugwira ntchito mothamanga kuti ulimbane ndi kugonekedwako. Mowa ukachoka mwadzidzidzi, ubongo umatsala ukuthamangabe popanda chouletsa. Kunjenjemera kumayamba pakangotha maola 6 mpaka 24 chimwereni. M'masiku awiri oyamba ena amagwa n'kumaphupha ngati akudwala khunyu. Tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi, ena amasokonezeka mutu, osadziwa komwe ali, kumaona tizilombo pakhoma kapena kumva mawu a anthu omwe palibe. Abale ambiri akaona zimenezi amathamangira kuganiza za malungo aakulu kapena kulodzedwa, chonsecho ndi mowa womwe wachoka m'thupi mofulumira. Matenda amenewa amapha ngati munthu sanafike naye kuchipatala msanga.

Ndiye ngati munayamba mwanjenjemerapo chonchi, ngati munagwapo, ngati mumamwa m'mawa pofuna kuti manja akhazikike, kapena ngati tsiku lililonse mumafika pa mabotolo 9 kapena kuposa apo, musayambe dongosolo limene ndikufotokozeli panokha, komanso musasiye mowa mwadzidzidzi. Pitani ku chipatala cha boma cha m'dera lanu mukafunse mbali yoona za thanzi la maganizo. Ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kulinso a St John of God omwe amathandiza anthu ovutika ndi mowa, ndipo kum'mwera kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Kumeneko amapereka mankhwala monga dayazepamu kwa masiku ochepa, mlingo wake ukutsika tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Mankhwala amenewa si ogula pamsika n'kumamwa nokha. Kuwaphatikiza ndi mowa kukhoza kuimitsa kupuma.

Palinso anthu ena amene kuchepetsa sikuwakwanira, ayenera kusiyiratu: mayi woyembekezera, munthu amene chiwindi chake chinawonongeka kale, amene anasanzapo magazi, wodwala khunyu, amene akumwa mankhwala a TB, ndi amene akaledzera amamenya anthu kunyumba kapena kuganiza zodzipha. Ngati mumamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, kauzeni amene amakuonani kuchipatala kuchuluka kwenikweni kwa mowa umene mumamwa, musanayambe.

Kuchokera pa zimene mwalemba, mukuoneka kuti muli pakatikati: mowa wake ndi wambiri ndithu, koma mwina thupi silinafike podalira kwambiri. Ngati pa zizindikiro zija mulibe n'chimodzi chomwe, tiyeni tipitirize.

Sabata yoyamba musachepetse kanthu. Ndikudziwa kuti zimenezi zimadabwitsa, makamaka munthu akabwera mtima uli m'mwamba kuti lero lomwe asinthe. Koma ntchito ya sabata imeneyi ndi kuwerenga basi. Chifukwa chake n'chakuti pafupifupi aliyense amene ndinamufunsapo kuti amamwa mowa wochuluka bwanji anatchula nambala yotsika kuposa yeniyeni. Sikuti onse amanama. Botolo logula nokha mumalikumbukira, koma logulidwa ndi mnzanu limangodutsa. Loyamba ndi lachiwiri mumawaona, koma lachisanu likamafika mutu wasiya kale kuwerenga. Munthu amene sakudziwa pamene waima sangadziwe ngati akutsika.

Kawerengedwe kake kakhale kophweka, koti n'kutheka ngakhale mutu utayamba kutentha. Botolo lililonse likatsekulidwa, tengani chitsekerero chake muponye m'thumba la thalauza. Ngati ndi mowa wopanda chitsekerero, monga chibuku kapena toti, khalani ndi mitengo ya machesi m'thumba limodzi n'kumasamutsira umodzi kuthumba linalo. Kukacha, musanapite kuntchito, khuthulani thumba muwerenge, mulembe m'kakope kapena m'foni. Musadikire kumapeto kwa sabata kuti mudzalembe zonse pamodzi, mudzalemba zimene mukufuna zitakhala zoona. Pa tsiku lililonse lembani zinthu zinayi: mwamwa chiyani ndipo zingati, munali kuti komanso ndi yani, munayamba nthawi yanji, ndipo zatha ndalama zingati. Mukawonjezera liwu limodzi lonena mmene mumamvera musanayambe, kaya kutopa, kukwiya kapena kusowa chochita, lidzakuthandizani patsogolo.

Vuto ndi lakuti mowa suli wofanana, ndiye pamafunika muyeso umodzi woyezera yonse. Achipatala amagwiritsa ntchito yuniti, yomwe ndi mamililita 10 a mowa weniweni wosasungunula. Pa botolo lililonse la m'sitolo palembedwa kukula kwake ndi mphamvu yake, nambala ija ili ndi chizindikiro cha % pambali. Chulukitsani ziwirizo kenaka mugawe ndi 1,000:

```
330 × 5 ÷ 1000 = 1.65
200 × 40 ÷ 1000 = 8
```

Mzere woyambawo ndi botolo wamba la mamililita 330 la mphamvu ya 5 peresenti, lomwe lili ndi yuniti imodzi ndi theka n'kakanthu. Mzere wachiwiriwo ndi kabotolo kakang'ono ka mowa waukali ka mamililita 200, ka mphamvu ya 40 peresenti, kamene anthu amangokalowetsa m'thumba la jekete. Kakuoneka kochepa, koma kali ndi mayuniti 8, kutanthauza kuti kakulingana ndi mabotolo pafupifupi asanu. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Munthu amati wachepetsa chifukwa wasiya mabotolo anayi n'kuyamba kabotolo kamodzi kotsika mtengo, pamene zoona zake wawonjezera. Paketi ya chibuku ya lita imodzi muziiwerenga ngati mabotolo awiri kapena kuposerapo, chifukwa chimapitiriza kuwira chili m'paketi momwemo, ndipo cha masiku angapo chimakhala chaukali kuposa chongofika kumene.

Kachasu ndiye sawerengeka. Mphamvu yake imasiyana malinga ndi wotcheza, ndiponso woyamba kudontha amakhala waukali kuposa wakumapeto. Amamwedwanso mopatsirana, moti simungadziwe kuti inuyo mwamwa wochuluka bwanji. Maganizo anga ndi akuti munthu amene akufuna kuchepetsa mowa ayambe wasiya kachasu, masese omwera chipanda chimodzi ndi mowa wina uliwonse wosayezeka, atsale ndi mtundu umodzi wa m'botolo womwe angathe kuuwerenga. Mukatero simufunikanso kuvutika ndi masamu a mayuniti tsiku ndi tsiku, muzingowerenga mabotolo.

Nanga tikutsikira pati? Malangizo amene akuluakulu a zaumoyo ku Britain anatulutsa mu 2016, omwe ambiri timawagwiritsa ntchito chifukwa ndi osavuta, amati munthu wamkulu, mwamuna kapena mkazi, asapitirire mayuniti 14 pa sabata, ndipo asawamwere tsiku limodzi koma awagawe masiku atatu kapena kuposa. Mayuniti 14 ndi mabotolo 8 a mtundu uja. Dziwani kuti 8 si mlingo woti mowa ulibenso vuto. Bungwe la zaumoyo padziko lonse linanena mu 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza thupi. Ndi malire chabe amene pansi pake chiopsezo chimakhala chochepa. Kwa inu lero nambala imeneyi ikuoneka ngati ili kutsidya kwa nyanja. Musaiyang'anitsitse. Nambala yofunika kwa inu ndi ya sabata yamawa.

Ndikuuzeni za bambo wina wowotcherera zitsulo amene ndinayenda naye m'njira imeneyi, wamsinkhu ngati wanu womwewu. Atabwera anandiuza kuti amamwa "atatu basi, kungochotsa fumbi kukhosi". Atawerenga zitsekerero sabata yathunthu, kope linati: Lolemba awiri, Lachiwiri atatu, Lachitatu atatu, Lachinayi atatu, Lachisanu 6, Loweruka 7 kuphatikizapo theka la kabotolo kaukali komwe anagawana ndi mnzake, Lamulungu awiri ochotsera matsire. Onse pamodzi mabotolo 26, ndipo theka la kabotolo lija likuwonjezera ena awiri ndi theka. Tinene kuti 28, omwe ndi mayuniti pafupifupi 47, kuposa katatu malire aja. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana kopelo. Kenaka anachulukitsa yekha ndi mtengo wa botolo, nati ndalama imeneyo ndi ya malata amene wakhala akunena kuti alibe.

Tinagwirizana zotsika ndi mabotolo awiri kapena atatu pa sabata, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi poyambira. Kutsika kotere thupi silikumva kwenikweni, ndipo munthu amamaliza sabata atakwanitsa zimene analonjeza. Kukwanitsako n'kofunika kwambiri, chifukwa munthu amene walephera kawiri kusiya amakhala atayamba kukhulupirira kuti mawu ake alibe mphamvu.

Sabata yoyamba yochepetsa anangochotsa mowa waukali uja ndi botolo limodzi la Loweruka, n'kukhala pa 25. Sabata yachiwiri tinaika 22, ndipo ndi pamene tinalowetsa tsiku loyamba losamwa. Tinasankha Lolemba, chifukwa kope linaonetsa kuti ndi tsiku limene amamwa pang'ono, anzake ambiri sabwera pa bala, ndipo m'thumba mumakhala mutauma kale. Ambiri amalakwitsa posankha Loweruka kuti aonetse kulimba mtima, n'kugwa tsiku loyamba lomwelo. Yambani ndi tsiku lofewa. Lolemba loyambalo linalinso mayeso: ndinamuuza kuti Lachiwiri m'mawa atambasule manja kutsogolo, zala zili zotayana, aone ngati zikunjenjemera, ndipo ngati watuluka thukuta usiku kapena akumva nseru abwere tsiku lomwelo. Sanaone chilichonse kupatula kusowa tulo, ndiye tinapitiriza. Inunso mudzachite chimodzimodzi, ndipo tsiku loyamba losamwa musadzakhale nokha. Mayi akunyumba adziwe zimene mukuchita ndi zizindikiro zoti aziyang'ana.

Sabata yachitatu anakwanitsa 20. Yachinayi inagwera kumapeto kwa mwezi, makasitomala awiri atamulipira tsiku limodzi, Loweruka lake n'kukhalanso ndi chinkhoswe cha mphwake. M'malo mwa 18 anamwa 27. Anabwera ali wamanyazi, ndipo masiku awiri m'kope munalibe kanthu. Tinakhala pansi n'kudzaza masiku amenewo mmene akanakumbukira. Sindinamulole kulipira ngongoleyo pomwa pang'ono kwambiri sabata yotsatira, komanso sitinabwerere poyambira. Tinangobwereza 20, nambala yomaliza imene anaikwanitsa. Lamulo limeneli ligwireni: mukaphonya, bwererani pa sitepe yomwe munaima bwino, mukhalepo sabata imodzi, kenaka mutsike. Chimene chimagwetsa anthu si kuphonyako ayi, koma maganizo akuti "zawonongeka kale, bola ndingomwa, ndidzayambiranso mwezi wamawa", ndi kusiya kulemba chifukwa chochita manyazi ndi nambala.

Kuchoka apo anatsika bwino. Pa 18 Lachinayi linakhala tsiku lachiwiri losamwa. Pa 16 Lachisanu ndi Loweruka anatsika kufika anayi anayi. Pa 14 anakhalapo masabata awiri chifukwa anaona kuti zikumuthina, ndipo palibe cholakwika ndi kupuma kotero. Pa 12 Lachiwiri linalowa m'gulu la masiku osamwa, moti Lolemba ndi Lachiwiri anakhala masiku awiri otsatizana opanda mowa. Itatha miyezi itatu anali pa 10: Lachitatu awiri, Lachisanu atatu, Loweruka atatu, Lamulungu awiri. Anakhala pamenepo nthawi yaitali asanachotse a Lamulungu n'kufika pa 8. Ngakhale pa 10 pomwepo, anali atachotsa mabotolo 18 pa sabata, opitirira 70 pa mwezi.

Mwaona kuti malire ali pawiri: a sabata ndi a tsiku. A sabata okha sakwanira, chifukwa munthu wochenjera amasunga mabotolo ake onse n'kukawakhuthulira Loweruka. Mabotolo 8 omwedwa usiku umodzi si ofanana ndi 8 ogawidwa masiku atatu. Ngozi za pamsewu, ndewu, kugona ndi munthu mosadziteteza ndi kugwa m'ngalande zimachokera ku usiku umodziwo. Choncho Lamulungu madzulo, kapena Lolemba m'mawa mutu uli bwinobwino, lembani nambala ya sabata, muigawe pa masiku, ndipo masiku osamwa muwatchule maina. "Ndipuma masiku awiri" si dongosolo. "Lolemba ndi Lachinayi sindimwa" ndiye dongosolo. Botolo limene simunamwe Lachitatu latha pomwepo, silisamukira Loweruka. Ndipo nambala ya tsiku siikambidwanso mukakhala pa bala. Mowa umayamba kufooketsa mbali ya ubongo imene imati "basi pakwana", ndiye munthu amene wamwa mabotolo atatu sangakhale woweruza wabwino pa nkhani ya botolo lachinayi. Mlandu umenewo uweruzidwe m'mawa.

Masiku osamwa ndimawaona kuti ndi ofunika kuposa nambala. Amapatsa chiwindi ndi m'mimba mpata wopuma, inde, koma chachikulu n'chakuti amadula chingwe chimene chamangirira kuweruka kuntchito ndi botolo. Munthu womwa awiri tsiku lililonse sadziwa ngati angathe kugona osamwa, ndipo tsiku losamwa ndi limene limamuyankha. Koma tsiku limeneli silingokhala lopanda kanthu. Pakati pa 5 koloko ndi 8 koloko madzulo pali dzenje limene mowa unkadzaza, ndipo mukalisiya lopanda kanthu mugweramo. Wowotcherera uja anapeza kuti vuto lake linali njira: kuchokera pa shedi yake kupita kokwerera minibasi amadutsa pakhomo penipeni pa bala, anzake n'kumuitana ndi dzina. Masiku osamwa anayamba kudzera njira yakuseri, yotalikirapo pang'ono, n'kukafika kunyumba kusanade. Anapezanso kuti nthawi zambiri chimene ankachitcha ludzu la mowa inali njala, poti masana ankangodya chimanga chootcha. Atayamba kudya nsima masana ndi kumwa thobwa kapena tiyi akangofika kunyumba, theka la chibabacho linachoka lokha. Chibaba chikabwera chimakwera n'kutsika, nthawi zambiri pasanathe theka la ola. Mukachipeza chochita, kaya kusamba, kuthirira ndiwo kuseri, kuona makope a ana kapena kuyenda kukagula buledi wa mawa, mudzaona chadutsa.

Za tulo ndikuchenjezeretuni, chifukwa ambiri amagonjera pamenepa. Usiku woyamba ndi wachiwiri wosamwa mudzatembenuka pabedi mpaka pakati pa usiku, n'kuyamba kuganiza kuti mowa ndiwo unkakugonetsani bwino. Mowa umagonetsa msanga koma tulo take n'tosakhalitsa, n'chifukwa chake womwa amadzidzimuka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, kukamwa kuli gwaa. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri tulo tabwino timabwerera. Musagule mapiritsi ogonetsa kuti muthane nazo, ndipo tiyi wamphamvu kapena khofi musamwe usiku.

Tsopano masiku omwa, amene kwa ife kuno vuto lake lalikulu ndi kugulirana. Mukakhala anthu asanu pa tebulo, aliyense n'kuponya raundi yake, ndiye kuti mabotolo asanu akupezani musanasankhe n'komwe, ndipo liwiro lake ndi la amene amamwa mothamanga kuposa onse. Kukana botolo limene mnzako wakugulira kumaoneka ngati mwano, ndipo kuchoka usanabweze kumaoneka ngati kuumira. Njira imene ndaona ikugwira ndi kunena poyambirira, musanakhale pansi, kuti lero mukudzigulira nokha. Ngati mukufuna kusunga ulemu, agulireni anzanuwo raundi imodzi koyambirira, inu n'kutuluka m'mzerewo. Safunika kuwafotokozera zambiri. "Achipatala andiuza ndichepetse" amakwana, ndipo si bodza, poti ndakuuzanidi. Adzakusekani sabata ziwiri, kenaka adzazolowera, mwinanso mmodzi adzakufunsirani kumbali kuti mukuchita bwanji.

Nyamulani ndalama yokwana mabotolo a tsikulo ndi thiransipoti basi. Masiku ano thumba likauma foni imatsegula njira ina, ndiye ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money zisamutseni musanapite, ndipo buku la ngongole la pa bala mulitseke, mulipire zotsala n'kuwauza ogulitsa kuti asadzakukongozeninso. Tsiku la malipiro, ndalama ya lendi, ya fizi ndi ya chakudya ifike kunyumba inu musanaone chitseko cha bala. Idyani musanayambe kumwa, osati kanyenya wa pakati pa usiku mutaledzera kale. Chedwetsani botolo loyamba: amene ankayamba 5 koloko akayamba 7 koloko, nthawi yochoka ili yomweyo, wachotsa mabotolo awiri popanda kulimbana ndi mtima. Pakati pa botolo ndi botolo ikani madzi kapena chakumwa chozizilitsa kukhosi. Ndipo botolo lomaliza likatha, nyamukani. Kukhala pa tebulo manja ali lende, anzanu akumwa, mpira uli pa kanema, ndi mayeso amene anthu ochepa amapambana.

Za ukwati, chinkhoswe, Khirisimasi ndi masiku a mpira waukulu, ziikeni m'dongosolo sabata isanayambe, poti sizibwera modzidzimutsa. Sabata yotero musayese kutsika. Bwerezani nambala ya sabata yapita, mulembe malire a tsikulo, ndipo muuze munthu mmodzi amene mudzakhale naye kumeneko.

Chinthu china chimene anthu sachiyembekezera n'chakuti mukachepetsa kwa mwezi umodzi kapena iwiri, thupi limasiya kupirira mowa ngati kale. Mabotolo 6 amene munkamwa n'kuyenda mowongoka adzakugwetsani. Chimenechi ndi chizindikiro chabwino, koma n'choopsa tsiku limene mwaphonya. Dziwaninso kuti chiwindi chimachotsa pafupifupi yuniti imodzi pa ola, ndipo palibe chochifulumizitsa, kaya khofi, kusamba madzi ozizira kapena msuzi wa tsabola. Mabotolo 7 ndi mayuniti oposa 11. Amene wamwa amenewo mpaka pakati pa usiku akhoza kukhala akadali ndi mowa m'magazi nthawi yopita kuntchito. Ngati mumayendetsa galimoto kapena njinga yamoto, tsiku lomwa chiwongolero chisiyeni, ngakhale mabotolo ake akhale awiri.

Mayi akunyumba auzeni dongosolo lonse, ndipo nambala ya sabata aidziwe. Koma kope likhale lanu, wowerenga mukhale inu. Ndaonapo mabanja amene mayi anasanduka wapolisi, kununkhiza bambo pakhomo ndi kusecha matumba, ndipo mapeto ake bambo anayamba kubisa, kope n'kudzaza mabodza. Chimene chimathandiza ndi kukhala pansi kamodzi pa sabata, tsiku lodziwika, n'kuona limodzi nambala ndi ndalama imene yapulumuka. Ndalama imeneyo isasowe m'zinthu zina. Iikeni padera, kaya ku banki m'khonde kapena m'manja mwa mayiwo, ndipo ikhale ndi ntchito yooneka ndi maso. Musadabwe ngati iwo sakusangalala msanga. Munthu amene wamva malonjezo kawiri amadikira kuona miyezi, osati masiku.

Tsopano funso lanu lomaliza lija, ngati mukudzinamiza. Ine sindingakuyankheni lero, koma kope lidzakuyankhani pakatha masabata 6 mpaka 8. Mukadzaona kuti masabata ambiri mwakhala mkati mwa malire, masiku osamwa akusungika, ndipo nambala ikutsika ngakhale mwapang'onopang'ono, pitirizani. Koma mukadzaona kuti masiku osamwa mukuwakwanitsa bwinobwino, koma tsiku lililonse limene mwalawa botolo loyamba malire akusweka, atatu akusanduka 8, ndiye kuti vuto lanu si kuchuluka kwa masiku koma kulephera kuima mukayamba. Kwa munthu wotere kusiyiratu n'kosavuta kuposa kuchepetsa, chifukwa kukana botolo loyamba amatha, koma lachinayi sangathe. Chimodzimodzinso mukadzapezeka mukubisa zitsekerero, mukumwa musanafike pa bala kuti owerengeka achepe, mukuiwala zimene zinachitika usiku, kapena mwasamukira ku mowa waukali. Kumeneko si kulephera kwa dongosolo. Lakuonetsani chinthu chimene simukanachidziwa mwanjira ina, ndipo mudzasiya kuchokera pa nambala yotsika, zomwe n'zosaopsa kwambiri m'thupi.

Onaninso mzere uja wa mmene mumamvera musanamwe. Ngati masiku ambiri mwalembapo nkhawa, kukhumudwa, kusowa tulo chifukwa cha ngongole kapena maliro amene simunawaiwale, mowa ukuphimba chinthu china chimene chidzaonekera poyera mabotolo akamachepa. Zimenezi zili ndi chithandizo chake, ndipo kuchepetsa mowa kumavuta ngati sizikusamalidwa.

Musanayambe sabata yowerenga, pitani kuchipatala chapafupi akakuyezeni kuthamanga kwa magazi, shuga ndi sikelo, mulembe manambalawo patsamba loyamba la kope. Mowa wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo kwa omwa kwambiri kumatsika akachepetsa, choncho mudzayezetsenso pakatha miyezi itatu muyerekeze. Mukamaliza masiku 7 owerenga, tengani kopelo mupite nalo kwa dokotala kapena namwino, muikire limodzi nambala ya sabata yoyamba ndi tsiku loyamba losamwa. Ndipo ngati tsiku lina lililonse m'katimu manja ayamba kunjenjemera kwambiri, mukusanza mosalekeza, maso asanduka achikasu, mwagwa, kapena mukuona zinthu zimene ena sakuziona, musadikire kuti kuche. Akutengereni kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo akawauze achipatala tsiku ndi ola limene munamwa komaliza.